Mitu ya masikuluwu a M8 ikumira milimita yathunthu chonsecho ndatsata tebulo

Chisomo wa ku Luchenza: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse pagulu pano. Ndalandira ntchito kuchokera ku fakitale ina ya tiyi kumtunda kuno. Akufuna mapuleti atsopano a sitenilesi, a 6 mm, oyala m'ngalande momwe masamba odulidwa kale amatsetserekera. Amamangidwa ndi masikuluwu a M8 a mutu womira aja, omanga ndi alenikiyi, ndipo anenetsa kuti mutu ukhale ndendende ndi puleti, usatumphuke komanso usamire. Mapuleti enieniwo sindinawakhudze, ndayamba ndayesa pa chidutswa. Ndaboola 9 mm, ndayang'ana pa tebulo la masikuluwu, pa mzere wa M8 palembedwa kuti k, kutalika kwa mutu, ndi 4.96, ine n'kutsitsa kauntasinki 4.96 yomweyo. Sikuluwu ikukhala bwino koma mutu ukumira pafupifupi milimita yathunthu, ndipo m'mbali mwake mukutsala kangalande kozungulira. Kodi tebulo ndi lolakwika, kapena pali chimene sindikuchiona? Mabowo alipo 48, ndipo akufuna zonse zikhale zitamangidwa mvula isanayambe, masamba asanachuluke.

Gift Bvumbwe: Amwene, tebulo silinama. Kuya kwa bowo la mutu ndi kutalika kwa mutuwo basi, ine ndimatero tsiku lililonse. Ndikukayikira choimitsira cha pa makina anu. Timanati tiwiri tija tikapanda kumangana zolimba timayenda pang'onopang'ono makina akamanjenjemera, ndiye mumapezeka mwapitirira osadziwa. Mangani bwino muyesenso.

Chisomo wa ku Luchenza: Ndinaganizanso choncho achimwene, ndiye ndinabwereza pa bowo lina nditamanga timanatito ndi masipanala awiri. Zatuluka chimodzimodzi.

Madala Namaona: Mwana wanga Chisomo, tisanaweruze tebulo kapena makina, tatiuzani zinthu zitatu. Pakamwa pa kauntasinki mwadulayo, pamwamba penipeni pa puleti, veniya ikuwerenga zingati? Ziro wanu munamuika pati, pamene nsonga inali pamwamba pa puleti kapena pamene mano anakhudza m'mphepete mwa bowo la 9 lija? Ndipo pamwamba pa tebulo mukuwerengalo palembedwa nambala yanji, nanga pa bokosi la masikuluwu palembedwa yanji?

Chisomo wa ku Luchenza: Zikomo madala. Pakamwa pakuwerenga 18.9. Ziro ndinaika pamene mano angoyamba kukanda m'mphepete mwa bowo. Tebulo lalembedwa ISO 10642. Bokosi ndinali ndisanaliyang'ane, ndinangogula ku Limbe ngati M8 za sitenilesi. Pano ndaona kapepala kambali kalembedwa DIN 7991, M8 x 25.

Madala Namaona: Ndiye nkhani yaoneka. Makina anu alibe mlandu, adula ndendende zomwe munawauza. Milimita mukuidandaulayo yachokera mbali ziwiri, theka uku theka uku.

Theka loyamba lili pa k. Nambala imeneyi ndi kutalika kwa mutu wa sikuluwu, kuyambira pamwamba pake mpaka pamene kupendekeka kwa mutu kwakumana ndi thupi la sikuluwu, lomwe ndi 8 mm. Koma inu simukudula m'bowo la 8, mukudula m'bowo la 9. Kauntasinki yanu ikuyamba kudya chitsulo pa 9, ndiye mukaitsitsa 4.96 kuchokera pamenepo, pakamwa pakukula kuposa mmene mutu ukufunira. Poti mutuwu ndi wa madigiri 90, masamu ake ndi ofewa: mukatsika milimita imodzi, pakamwa pakula mamilimita awiri, imodzi mbali iyi imodzi mbali inayo.

```
kuya = (D - d) / 2
```

D ndi pakamwa pamene mukufuna, d ndi bowo mwaboola kale. Tembenuzani muone zanu: 4.96 kawiri ndi 9.92, kuphatikiza 9 ndi 18.92. Si 18.9 mwapeza pa veniya uja? Pamene tebulo lomwelo, mukayang'ana pa dk, kukula kwa mutu m'mimba mwake, likuti mutu wa M8 ndi 17.92. Mwapitirira ndi milimita imodzi m'mimba mwake, ndiye mutu uyenera kumira theka la milimita.

Theka linalo ndi bokosi. Masikuluwu muli nawowo si a tebulo mukuwerengalo. DIN 7991 ndi muyeso wakale wa ku Germany, ISO 10642 ndi umene unalowa m'malo mwake, koma akalewo akupangidwabe ndipo ndi amene mumawapeza kawirikawiri m'mahadiweya. Mazinga ndi amodzi, alenikiyi ndi imodzi ya 5, madigiri ndi 90 onse, koma mutu wa DIN 7991 ndi wocheperapo: dk ndi 16, k ndi 4.4. Mutu waung'ono m'bowo lodulira mutu waukulu umatsika mpaka upeze pokhala.

Gift Bvumbwe: Koma madala, ine mabulaketi onse ndimapanga aja ndimatenga k pa tebulo n'kuonjezera pang'ono, ndipo mitu imakhala bwinobwino. Sindinaonepo vuto.

Madala Namaona: Masikuluwu ake a mutu wotani, a Gift?

Gift Bvumbwe: A mutu wozungulira wautali aja, a alenikiyi ya 6.

Madala Namaona: Pamenepo mukulondola, ndipo pitirizani. Amenewo amakhala mu kauntabowa, bowo la makoma oongoka ndi pansi pafulati. Mmenemo kukula ndi kuya ndi zinthu ziwiri zosayenderana. Kukula kumachokera pa dk, kuya kumachokera pa k, ndipo mutha kusintha chimodzi china osasuntha. Kauntasinki ili ngati fanelo, simungaikulitse osaizamitsa. Ndiye kumeneko timasankha pakamwa poyamba, kuya kumangotsatira.

Tiyamike Thyolo Boma: Ndionjezereko pang'ono pa zomwe anena madala, chifukwa pali msampha wina pa dk yomweyo. Achimwene a Chisomo, mukatenga sikuluwu ya ISO 10642 yeniyeni n'kuyeza mutu ndi veniya, 17.92 simuipeza. Mupeza yocheperapo ndithu, mwina 16 ndi kanthu. Nambala ya pa tebuloyo ndi pamene kupendekeka kwa mutu kukanathera mutuwo ukanakhala wakuthwa mpaka kumapeto. Opanga sasiya lumo lotero, amadula m'mphepete n'kusiya kamkombero. N'chifukwa chake matebulo abwino amalemba dk ziwiri, ina yamasamu ina yeniyeni. Podula kauntasinki timatsata yamasamuyo, chifukwa ndi imene imanena pamene mutu uti ukhale. Munthu akayeza mutu ndi veniya n'kudula pakamwa pofanana ndi zomwe wapezazo, mutu umatumphuka.

Ndiye veniya pa mutu payokha siingakuuzeni kuti sikuluwu ndi ya muyeso uti. Yang'anani kutalika kwa mutu ndi kukhuthala kwa kamkombero kaja.

Chisomo wa ku Luchenza: Achemwali, ndiye kuti ngakhale 16 ya DIN 7991 ija sindingadule 16 yomweyo?

Tiyamike Thyolo Boma: Ayi ndithu. Taonani: kuchoka pa 8 kufika pa 16 pa madigiri 90 ndi mamilimita 4 okha kutalika, koma tebulo likuti k ndi 4.4. Ka 0.4 kotsalako ndi kamkombero kaja. Mukadula pakamwa pa 16, kamkombero konseko katsala kunja, ndipo masamba azikodwa pamenepo. Kuti kalowe, pakamwa payenera kukula ndi 0.4 kawiri, kufika 16.8.

Koma musadalire masamu anga okha. Chidutswa mwadula kalecho ndi chida choyezera chabwino kwambiri. Ikani sikuluwu m'bowo la 18.9 lija, ikanikizeni, muyeze ndi kamchira ka veniya kuti mutu wamira zingati. Kenako:

```
D yoyenera = pakamwa - 2 x kumira
```

Njira imeneyi imagwira pa sikuluwu iliyonse ya madigiri 90, ngakhale yopanda bokosi, yopanda tebulo. Yesani zisanu kapena zisanu ndi imodzi za m'bokosi lomwelo, chifukwa sizifanana ndendende.

Chisomo wa ku Luchenza: Ndayeza zisanu. Zinayi zikumira pakati pa 1.0 ndi 1.1, imodzi 1.2. Ndikatenga 1.05, ndiye 18.9 kuchotsa 2.1 ndi 16.8. Zafanana ndi zanu zija achemwali.

Madala Namaona: Eya. Tsono musadule 16.8 yeniyeniyo, chifukwa sikuluwu ina ya mutu wonenepa pang'ono idzatumphuka. Dulani 17. 17 kuchotsa 9 ndi 8, theka lake ndi 4. Tsitsani mamilimita 4 kuchokera pamene mano akhudza m'mphepete mwa bowo, mutu ukhala pansi pa puleti ndi 0.1, zomwe chala sichimva n'komwe. Mukadzagula za ISO 10642, pakamwa pa M8 ndi 18.3, ndipo m'bowo la 9 kuya kwake ndi 4.65.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Mangani sikuluwu, goneketsani lula yachitsulo chammbali pamwamba pa mutu, muyang'ane cha kuwala. Lula ikamagwedera ndiye kuti mutu watumphuka. Ikakhala pa puleti mbali zonse ndipo pansi pake pakungooneka kamzere kowala kopyapyala, zili bwino. Chotsani kaye timinga ta m'mphepete ndi tupa musanayeze pakamwa, chifukwa sitenilesi imatukula kamlomo komwe kamanamiza veniya ndi lula yomwe.

A Muhiwa Kalipentala: Pepani akuluakulu ndalowa mochedwa, netiweki kuno ku Chitakale ikuvuta ndi chiperoni chimenechi. Ine ndikuona ngati mukuzitalikitsa. Ndikamamanga mahinjesi kapena mafelemu a zitseko ndimangotenga biti yaikulu, ya 10 kapena 12, n'kugunditsa pang'ono pakamwa pa bowo, sikuluwu ndikumanga imadzikokera yokha mpaka kufanana. Bwanji a Chisomo osangotenga biti ya 17 n'kugunditsa?

Madala Namaona: A Muhiwa, pa thabwa la paini zimatheka chifukwa thabwa limagonja, mutu umadzikonzera wokha pokhala. Sitenilesi sigonja. Nsonga ya biti wamba ndi ya madigiri 118, mutu wa sikuluwu ndi wa 90. Mukaika mutu wa 90 m'bowo la 118, umagunda pansi pokha, m'mphepete mwa bowo laling'ono pafupi ndi khosi la sikuluwu, pamene kumtunda konse kuli lende. Katundu yense akukhala pa kamzere kamodzi kozungulira. Tsiku lomanga zimaoneka zolimba. Makina akayamba kugwedeza, kamzereko kamaphwanyika pang'ono, sikuluwu n'kukhwefuka. Mukaimasula mumaona mphete yowala pakhosi pokha, kwina konse kosakhudzidwa.

A Muhiwa Kalipentala: Ndamva madala. Komatu ngakhale pa bulugamu wouma ndimaona mitu ina ikuduka ndikamakakamiza kuti imire. Mwina n'chimodzimodzi.

Tiyamike Thyolo Boma: N'zoyandikana bambo. Bulugamu wouma salola mutu kudzikumbira, ndiye mphamvu yonse imathera pakhosi. Kauntasinki ya matabwa ndi yotchipa, ikupulumutsani.

Pa nkhani ya madigiri yomweyi, a Chisomo, yang'anani zolembedwa pa kauntasinki yanu. Ziliko za 82, zodulira masikuluwu a mainchesi a ku America, ndipo ndi maso simungazisiyanitse ndi za 90. Mutu wa 90 m'bowo la 82 umagunda kumtunda kokha, m'mphepete mwa mutu. Pakani inki ya maka pansi pa mutu, muuzungulitse m'bowo ndi dzanja mukukanikiza. Inki ikachoka paliponse, madigiri akugwirizana. Ikachoka kumtunda kokha kapena kukhosi kokha, imani kaye. Komanso kugawa ndi 2 kuja ndi kwa 90 yokha, pa 82 bowo limazama kuposa pamenepo.

Chisomo wa ku Luchenza: Yalembedwa 90, kukula 20.5, ya mano atatu. Inki yachoka bwino paliponse. Ndili nayonso ina ya 16.5 yomwe pa paketi analemba kuti ndi ya M8, koma ndinaisiya poona kuti tebulo likunena 17.92.

Gift Bvumbwe: Imeneyo ndiye yabwino pa masikuluwu anuwo amwene. Itsitseni mamilimita 4 omwewo. Ikafika pa 16.5 siikulanso, imangolowa n'kusiya kakhoma koongoka ka kota ya milimita. Mutu wa 16 ukhala mmenemo ndipo mpata wozungulira ukhala wa kota ya milimita basi, pamene ndi 17 mpata ndi theka la milimita mbali iliyonse. Pa ngalande ya tiyi mpata wochepa ndiye wofunika, fumbi la masamba lisamakhalemo.

Madala Namaona: Masamu anu ali bwino a Gift, ndipo njira imeneyo ilipo, sindikuikana. Chondiletsa ine n'chakuti mukatero pakamwa sipakuuzaninso kanthu. Ndi ya 20.5, veniya ikati 17 ndadziwa kuti kuya kwakwana. Ndi ya 16.5, kaya mwatsika 3.9 kaya 4.5, pakamwa pazingowerenga 16.5, ndiye bowo lililonse muziyesa ndi sikuluwu. Chinanso, tsiku lina fitala wa pa fakitalepo adzataya sikuluwu imodzi, adzatenga ya ISO ku sitolo yawo, ndipo idzatumphuka.

Gift Bvumbwe: Idzatumphukanso pa 17 yanuyo madala, pafupifupi theka la milimita.

Madala Namaona: Zoona zimenezo. Ndiye funso lenileni lipite kwa eni ntchito: m'sitolo mwawo amasunga za muyeso uti? Ngati ndi ISO, Chisomo abweze bokosi lake ku Limbe, adule 18.3. Ngati ndi DIN, adule 17, kapena njira ya a Gift. Zosakaniza ndiye ayi.

Tiyamike Thyolo Boma: Ndipo akasankha ISO muonenso kukhuthala kwa puleti. Pa 6 mm zili bwino: kuya 4.65, pansi pakutsala 1.35 ya bowo loongoka. Koma ndaonapo anthu akuchita zomwezo pa puleti ya 4 mm. Mutu ndi wautali kuposa puleti, ndiye kupendekeka kwake kumatulukira kunsi n'kukagunda chitsulo cha pansicho. Alenikiyi imalimba m'manja, munthu n'kumati ndamanga, chonsecho sikuluwu yagwira felemu, puleti sinapanidwe. Chizindikiro chake n'chakuti puleti imalira kapena kusuntha mukaimenya ndi chibakera masikuluwu onse ali olimba. Ngakhale 5 mm ili pamalire penipeni pa M8 ya ISO. Pamenepo ndi bwino kutsika pa M6, kapena kudulako pang'ono pakamwa pa bowo la felemu kuti khosi lipeze polowa.

Chisomo wa ku Luchenza: Ndiwaimbira mawa m'mawa. Poti a Gift atchula kauntabowa, ndifunsiretu. Pa ntchito yomweyi pali timabuloko tinayi ta 20 mm togwira ngalandeyo ku felemu, ta masikuluwu a mutu wautali aja, M8 x 25. Tebulo la ISO 4762 likuti dk 13, k 8. Ndiboole zingati?

Gift Bvumbwe: Apa ndiye kwathu. Bowo lopyola 9, kauntabowa 15, kuya 8.6. Ena amangoti 9 kuti zikhale zosavuta kuwerenga, matebulo akale amatero, palibe cholakwika.

Chisomo wa ku Luchenza: Bwanji 15 pamene mutu ndi 13? Ndimaganiza 13.5 kuti zioneke zothina bwino.

Madala Namaona: Chifukwa sikuluwu siikhala pakati penipeni pa bowo. Thupi la 8 m'bowo la 9 lili ndi ufulu woyenda theka la milimita mbali iliyonse, ndipo ufulu umenewo ndi umene umakupulumutsani mabowo a ku felemu akaphonyana pang'ono ndi anu. Mukapanga 13.5, mutu uli ndi kota ya milimita yokha, ndiye ugunda khoma thupi lisanagwiritse ntchito mpata wake. Mwadzilanda nokha zomwe munaboolera 9. Ndi 15 mutu uli ndi milimita yathunthu mbali iliyonse, sugunda khoma.

Apa mpamene mutu womira umasiyananso ndi mutu wautali. Womira uja umadzikokera pakati pa kauntasinki yake, ulibe ufulu ngakhale bowo likule bwanji. Ndiye pa mapuleti anu aja, mabowo akaphonyana ndi a felemu, sikuluwu imapindika khosi kapena mutu umakhala mopendama, mbali ina pamwamba ina pansi. Ngati mungathe, tengani puleti yakale muipane pamwamba pa yatsopano ikhale chitsanzo choboolera, kusiyana n'kudalira tepi.

Chisomo wa ku Luchenza: Akale ndili nawo, anandipatsa. Nanga pa timabuloko ndikafuna kuika washala?

Gift Bvumbwe: Ingoonjezani kuya ndi 1.6, kukhuthala kwa washala. Ikhala 10.2.

Tiyamike Thyolo Boma: Kuya kuli bwino achimwene, koma washala wamba wa M8 ndi 16 m'mimba mwake, mu 15 salowa. Pamafunika 18. Chimene chimalamula kukula kwa kauntabowa ndi chinthu chachikulu pa zonse zolowa mmenemo. Nthawi zina ndi mutu, nthawi zina washala, ndipo ikakhala bawuti ya sipanala 13 ndiye ndi soketi yomangira. Pamenepo yezani soketi yanu kunja kwake, chifukwa dk ya pa tebulo siikuthandizani.

Muonenso chotsala pansi. Buloko ya 20 kuchotsa 8.6 kukutsala 11.4, ndiye pa sikuluwu ya 25 zolowa m'mazinga a felemu ndi 13.6, zokwanira bwino pa M8. Kumbukirani kuti ya mutu wautali amayeza kuyambira pansi pa mutu, pamene ya mutu womira 25 ija ndi pamodzi ndi mutu womwe. Pa puleti ya 6 zikutuluka kunsi pafupifupi 19. Ngati mabowo a ku felemu ndi osapyola, yezani kuya kwake, sikuluwu ingagunde pansi mutu usanakhale, inu n'kumaganiza kuti kauntasinki yachepa.

Chisomo wa ku Luchenza: Vuto ndi lakuti chodulira kauntabowa cha 15 ndilibe. Ndili ndi biti wamba ya 15.

Madala Namaona: Biti wamba isiya pansi popendekeka, ndipo pansi pa mutu ndi pafulati. Mutu ukhala pa mkombero wake wokha, vuto lomwe lija tawauza a Muhiwa. Kuya kwakenso kukusokonezani, chifukwa kuchoka pa 15 kufika pa 9 nsonga ya 118 imatsetsereka pafupifupi 1.8 mm, ndiye simudziwa kuti 8.6 muyezere pati.

Chodulira chenicheni chili ndi kamphuno ka 9 kolowa m'bowo kuti chisasochere. Popanda chimenecho, ife kale tinkachita chonchi. Yambani ndi biti wamba ya 15, mulowe mpaka makoma oongoka afike mamilimita 6 kapena kuposerako pang'ono. Kenako tengani biti ina ya 15 yakutha, muinole pa gulayindala kumaso kukhale fulati, mano onse awiri ofanana, ndi kampata kumbuyo kwa dzino kuti lizidya. Imeneyo imatsogoleredwa ndi makoma mwapanga kale aja, n'kumaliza pansi mpaka 8.6. Osayamba ndi yafulatiyo pa chitsulo chosaboola, imavina. Buloko ikhale yopanidwa mu vayisi ndipo vayisi yomangidwa pa tebulo la makina, chifukwa biti yafulati ikaluma imazungulitsa chilichonse chogwiridwa ndi manja. Ndipo musasunthe buloko pakati pa mabiti atatuwo, malizani bowo limodzi musanapite pa lina.

Mukatha, gunditsani kauntasinki pang'ono pakamwa pa bowo la 9 pansi pa kauntabowa. Pakhosi pa sikuluwu pali kobulungira, kamene pa M8 kamatha kufika 9.2, ndiye m'mphepete mukakhala mwakuthwa mutu umatsamira pamenepo m'malo mokhala pansi.

Gift Bvumbwe: Ine biti yonola pamanja sindiikhulupirira madala. Dzino limodzi likatalika pang'ono ndi lokhalo limadya, bowo limakula. Timabuloko tinayi tokha, kuli bwino kupita nato kwa wina wa makina a milingi ku Limbe.

Madala Namaona: Ngati ulendo wobweza masikuluwu ulipo, apite nato. Ngati palibe, bowo la 15.3 m'malo mwa 15 silipweteka munthu. Chofunika ndi pansi pafulati, ndipo inki ya a Tiyamike ija iwauza.

Chisomo wa ku Luchenza: Ndayesanso madzulo ano pa chidutswa ndi ya 20.5 ija, kuya 4. Pakamwa 17.0, lula yakhala bwino pa masikuluwu atatu. Koma bowo lachitatu mkati mwatuluka timizere ngati mafunde, ndipo chida chimalira.

Tiyamike Thyolo Boma: Liwiro lachuluka. Pa 17 mm mu sitenilesi khalani cha m'ma 200 pa mphindi kapena kutsika, ikani lamba pa liwiro lotsikitsitsa la makina anu. Thirani mafuta odulira, ndipo kanikizani kuti mano azidya nthawi zonse. Sitenilesi mukaisisita osadula imalimba pomwepo, mano n'kuyamba kudumpha, mafunde aja ndi amenewo. Mukafika pa choimitsira musakhalitsepo, kwezani. Puleti ipanidwe pafupi ndi bowo, pansi pake pakhale thabwa lolimba, chifukwa ikamadinikizika choimitsira chimanena 4 pamene mwadula 3.8.

Madala Namaona: Ndipo ziro muikenso mukasintha puleti. Mapuleti olembedwa 6 mm safanana ndendende, ndipo choimitsira chimayeza kuchokera pa makina, osati pamwamba pa puleti. Ikakhala yokhuthala ndi 0.2, pakamwa pakula ndi 0.4. Bowo loyamba la puleti iliyonse liyezeni ndi veniya musanapitirire.

Chisomo wa ku Luchenza: Ndawapeza a ku fakitale m'mawa uno. Akuti m'sitolo mwawo muli zosakanikirana, zina za DIN zina za ISO, ndipo kapitawo wa mafitala akufuna aone kaye zomwe zatsala zambiri asanandiyankhe. Ndatsitsa liwiro, mafunde atha. Pakadali pano ndiboola mabowo onse a 9 ndi kupanga timabuloko, kauntasinki idikire yankho lawo.

Tiyamike Thyolo Boma: Akachedwa kuyankha dulani 17. Kuchoka pa 17 kupita pa 18.3 ndi kungotsitsa 0.65 ina pa mabowo omwewo, koma mukayamba ndi 18.3 iwo n'kusankha DIN, mapuleti onse atsala ndi mitu yomira.